Mawu amodzi kuyambira mutu woyamba mpaka wotsiriza: kawerengedwe ka buku lomvetsera

Buku lomwe womvera amalimaliza m'masiku awiri, wowerenga amalijambula kwa milungu itatu kapena inayi. Womvera akamachoka pa mutu 6 kupita pa mutu 7 sadziwa kuti pakati pa mitu iwiriyo padutsa Sabata, chimfine ndi masiku awiri opanda magetsi. Iye amangomva kuti munthu amene amamufotokozera nkhani wasintha mwadzidzidzi: wayamba kuthamanga, mawu apyapyala, ndipo agogo a m'nkhaniyo akuyankhula ngati mdzukulu wawo. Malangizowa ndi a munthu amene akujambula buku la Chichewa m'nyumba muno mu Harare, ndi maikolofoni imodzi ndi pulogalamu ya Audacity, ndipo akufuna kuti mawu a wofotokoza nkhani akhale amodzimodzi mpaka buku lithe.

Yambani ndi kupeza pakhomo pa mawu anu

Wofotokoza nkhani ayenera kukhala ndi malo amene mawu ake amabwererako nthawi zonse akachoka kukayankhula m'malo mwa munthu wina wa m'nkhani. Malo amenewa tiwatche pakhomo. Kuti mupapeze, musayambe ndi buku. Khalani pamene mudzijambulira, yatsani maikolofoni, ndipo fotokozani kwa mphindi ziwiri njira yochokera kwanu kukafika ku Mbare Musika, ngati mukulondolera mlendo amene wakhala pafupi nanu. Mvetserani zimene mwajambulazo. Mawu amene mwalondolera nawo njirawo ndiwo amene mungathe kuwasunga kwa maola ambiri osatopa, chifukwa simunawapangire.

Ambiri amalakwitsa pomwepa. Tsiku loyamba amatsitsa mawu kuti amveke abesi ngati owerenga nkhani pa wailesi, kapena amawakweza ngati akulalikira. Mawu obwerekawa amakhala kwa mphindi makumi awiri kapena atatu, kenako khosi limatopa ndipo munthu amabwerera ku mawu ake enieni osazindikira. Mutu woyamba umamveka wa munthu wina, mutu wachitatu wa munthu winanso. Palinso chifukwa china: mukaika wofotokoza nkhani pansi penipeni pa mawu anu, simudzakhala ndi kotsikira mukafika pa bambo wachikulire. Pakhomo pakhale pakatikati, kuti mukhale ndi mpata wokwera pang'ono ndi wotsika pang'ono.

Mukapapeza, sankhani ndime imodzi ya m'bukumo yopanda zokambirana, yotenga pafupifupi mphindi imodzi. Iwerengeni bwinobwino, isungeni ngati fayilo yapayokha, ndipo lembani masekondi amene yatenga. Imeneyi ndiyo ndime ya muyeso, ndipo mudzaifuna tsiku lililonse.

Mangirirani zinthu zimene sizifuna luso

Mbali yaikulu ya kusintha kwa mawu sichokera m'khosi koma pa mpando ndi pa maikolofoni. Mtunda wa pakati pa pakamwa ndi maikolofoni ukhale masentimita 15 mpaka 20, ndipo mukasankha musasinthe. Mukachoka pa 15 kufika pa 30, mphamvu ya mawu, yomwe imayezedwa mu madesibelo kapena kuti dB, imatsika ndi pafupifupi 6 dB, ndipo kungotsamira pa mpando n'kufika pa 20 kumatsitsa ndi pafupifupi 2.5 dB, zomwe khutu limamva. Maikolofoni zambiri zojambulira mawu, zija zomva kwambiri kutsogolo, zimawonjezeranso besi mukaziyandikira. Choncho munthu woweramira kutsogolo m'mawa n'kutsamira masana amatulutsa mawu a mitundu iwiri ngakhale khosi lake lisanasinthe. Dulani kachingwe kotalika ndendende mtunda womwe mwasankha, kamangirireni pa choimikira maikolofoni, ndipo musanayambe muzikakoka kagunde pachibwano. Matani tepi pansi pamene pali miyendo ya mpando. Chongani ndi cholembera pamene mwasiya kotembenuzira mphamvu ya maikolofoni, ndipo jambulani chithunzi cha malo onsewo pa foni.

Nthawi ya tsiku nayo imangirireni. Mawu a munthu amakhala otsika ndi olemera akangodzuka, ndipo amakwera ndi kupepuka akayankhula kwa maola angapo. Muno ambiri amajambula usiku kwambiri kapena mbandakucha, makombi asanayambe kuliza mahutala komanso magetsi akakhalapo. Palibe cholakwa, bola buku lonse lijambulidwe nthawi imodzimodziyo. Choipa ndi kujambula mitu isanu 4 koloko m'mawa, ina isanu Loweruka masana. Magetsi akazima ndipo oyandikana nawo ayatsa jenereta, kapena kafani ka inveta kayamba kulira m'chipinda momwemo, ndi bwino kuleka. Phokoso lakumbuyo limakukwezetsani mawu osadziwa, ndipo mukadzalichotsa ndi kompyuta, mawu a mutu umenewo adzamveka ngati akutuluka m'madzi pamene ena onse ali bwinobwino. Chimodzimodzi mvula ikamagwa pa denga la malata kuyambira Novembala.

Harare ili pamalo okwera, pafupifupi mamita 1,500, ndipo kuyambira Meyi mpaka Okutobala mpweya umakhala wouma. Pakamwa pouma pamatulutsa timaphokoso ta kunyamuka kwa lilime, ndipo mawu amayamba kusasa msanga. Imwani madzi maola angapo musanayambe, osadikira kuti muyambe kumva ludzu, ndipo pojambula muzipsontha madzi osazizira mukamaliza tsamba lililonse kapena awiri. Jambulani mphindi 40 kapena 45, pumulani 10.

Kulowa m'mawu tsiku lililonse

Musanajambule chilichonse chatsopano, valani mahedifoni ndipo mvetserani ndime ya muyeso ija. Kenako iwerengeni limodzi ndi fayiloyo, mawu anu a lero akuyendera pamodzi ndi a tsiku loyamba. Kachitatu iwerengeni nokha mukujambula, muyerekeze. Ngati tsiku loyamba inatenga masekondi 60 ndipo lero yatenga 52, mukuthamanga, ndipo kawirikawiri mudzapeza kuti simunafulumize mawu enieniwo koma mwadya mipata yopumira pa mipumiro. Ikatenga 58 kapena 62, zili bwino. Onaninso mphamvu yake: mu Audacity sankhani chigawocho, tsegulani `Analyze` kenako `Contrast`, dinani `Measure selection`, muone nambala ya RMS, yomwe imasonyeza mphamvu yapakatikati ya mawu m'chigawocho. Ikasiyana ndi ya muyeso kuposa 2 dB, yang'anani kachingwe ndi kotembenuzira kaja musanaganize zoti vuto ndi khosi.

Pomaliza mvetserani mphindi imodzi yotsiriza ya zimene munajambula dzulo. Ena amangomvera za dzulo zokha osamvera ndime ya muyeso, ndipo ndi mmene mawu amasocherera pang'onopang'ono: lero lifanana ndi dzulo, dzulo linafanana ndi dzana, koma mutu 14 sufanananso ndi mutu 1. Ndime ya muyeso imakubwezerani pa mawu a buku lonse, ndipo za dzulo zimakukumbutsani mzimu wa nkhani pamene munalekezera.

M'ndime zazitali zopanda zokambirana, ngozi yake ndi nyimbo. Chichewa chimatalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa chiganizo, ndiponso mawu amanka natsika chiganizo chikamapita. Munthu akatopa, ziganizo zonse zimayamba pamalo amodzi ndi kugwera pamalo amodzi, ngati ana akuwerenga pamodzi m'kalasi, ndipo mapeto ake amazimirira chifukwa mpweya watha. Mankhwala ake ndi pensulo. Musanajambule, m'chiganizo chachitali chilichonse ikani kamzere pamene mudzapumire, ndipo lembani mzere kunsi kwa liwu limodzi lomwe lanyamula chatsopano. Mukamawerenga mukupita ku liwu limenelo, nyimbo ija imasweka yokha.

Anthu a m'nkhani: sinthani zochepa

Werengani buku lonse musanajambule tsamba loyamba. Si zachilendo kupeza pa mutu 11 kuti munthu amene mwakhala mukumupatsa mawu aakulu amafotokozedwa kuti amayankhula monong'ona. Mukamawerenga, lembani pepala la munthu aliyense woyankhula kangapo. Pa aliyense sankhani zinthu ziwiri zokha zomusiyanitsa ndi pakhomo panu, mwa izi: kukwera kapena kutsika kwa mawu, liwiro, kulemera kwa mpweya, ndi kumene mawu akumvekera, kaya pachifuwa kapena kutsogolo pafupi ndi mano. Lembaninso kakhalidwe ka thupi, chifukwa thupi limakumbuka kuposa khutu. Agogo aamuna: otsika pang'ono, ochedwa, chibwano cholozetsa pansi. Mdzukulu: wofulumira, mawu kutsogolo, nsidze zokwezeka. Mayi wogulitsa pamsika: kukwera kwa mawu n'kofanana ndi kwanu, koma amadula mawu mwachidule ndipo amayankhula akumwetulira.

Bambo wowerenga mawu a mayi asapite ku timawu tapamwamba tokakamiza, ndipo mayi wowerenga mawu a bambo asakande pakhosi. Womvera amatopa nazo, ndiponso simungazibwereze mofanana patapita milungu iwiri. Kukwera pang'ono ndi kufewetsa kwakwana, popeza mlembi wanena kale amene akuyankhula.

Munthu aliyense akayankhula koyamba, dulani masekondi 15 a mawu akewo muwasunge m'foda imodzi. Mu Audacity, `Ctrl+B` imaika chizindikiro pamalo pamene mwasankha kuti mudzapapeze msanga. Mayina a mafayilo akhale osavuta:

```
muyeso_wofotokoza.wav
agogo_mutu02.wav
mdzukulu_mutu02.wav
mayi_wamsika_mutu05.wav
```

Munthu amene anasowa kuyambira mutu 5 akatulukiranso pa mutu 14, mverani fayilo yake kaye. Kukumbukira kokha kumanamiza, ndipo kawirikawiri kumakokomeza: agogo amabwera okalamba kwambiri kuposa mmene analili.

Kwa ife okulira muno pali chinthu china choyenera kugamula poyambirira. Ambiri timasinthana Chichewa ndi Chishona tsiku lonse, ndipo lilime likatopa limatsetserekera kumene lazolowera. Mpweya wa pa ph, th ndi kh umayamba kuthawa, mpaka phala limveke ngati pala ndipo khola ngati kola. L amasanduka r wogunda mwamphamvu. Kamvekedwe kosiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu kamasokonekera. Ngati mlembi anafuna kuti mdzukulu wobadwira ku Mufakose muno mu Harare ayankhule motero, imeneyo ndi njira yabwino yomusiyanitsira ndi agogo ake ochokera ku Dedza, ndipo ilembeni pa pepala lake. Koma wofotokoza nkhani asatengere. Iye akangoyankhula pambuyo pa mdzukuluyo, m'pamene muyenera kutchera khutu kwambiri.

Anati, anatero, anafunsa

Mawu olozera woyankhula ndi a wofotokoza nkhani, nthawi zonse. Apa m'pamene mabuku ambiri omvetsera amagwera, chifukwa wowerenga ayenera kuchoka mwa munthu wina ndi kufika pakhomo m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso. Tiyese ndi kachigawo aka, komwe tangopeka kuti tiphunzirirepo:

Agogo anaima pafupi ndi mulu wa matimati nati, "Awa ndi angati?"
"Dola imodzi, agogo," anatero mayiyo akupukuta manja pachitenje.
"Dola imodzi?" anafunsa mdzukulu. "Dzulo tinagula milu iwiri!"
"Iwe," anatero agogo motsitsa mawu, "akulu akamayankhula umakhala chete."
"Pepani, agogo."
"Tengani iwiri basi."

Pa mzere woyamba cholozera chili kutsogolo. Liwu loti nati lisagwe ngati chiganizo chatha. Lisiyeni lili m'mwamba pang'ono, imani kanthawi kochepa, ndipo m'kanthawi kameneko tsitsani chibwano mulowe mwa agogo. Cholakwa chofala ndi kuyamba mawu a agogo msanga, pa "mulu wa matimati", chifukwa diso laona kale mitengero ikubwera. Womvera amamva ngati agogo akudzifotokoza okha.

Pa mzere wachiwiri cholozera chili pambuyo, ndipo vuto limatembenuka: mawu a mayiyo amatayikira pa "anatero". Kumwetulira kwake kuthere pa mpatuliro. Musapume mpweya watsopano pamenepo, chifukwa chiganizo ndi chimodzi, ndipo kupuma kumachititsa kuti "anatero mayiyo" amveke ngati chilengezo. Ingomasulani nkhope, mutsike pang'ono, ndi kunena mawuwo mopepuka ngati munthu akudutsa. Koma "akupukuta manja pachitenje" ndi chithunzi chatsopano, choncho chipatseni kulemera konse kwa wofotokoza nkhani. Kupepuka sikutanthauza kumeza mawu. Ngati mukuona pa kompyuta kuti mafunde a "anatero" ndi aang'ono kwambiri poyerekeza ndi ziganizo zina za wofotokoza, munthu womvera ali m'kombi sadzadziwa amene wayankhula.

Mzere wachitatu ndiwo wovuta kwambiri. Funso la mdzukulu limathera m'mwamba, ndipo khosi limafuna kupitiriza pomwepo, kotero "anafunsa mdzukulu" amamvekanso ngati funso. Funso lithere pa mfunsiro. Cholozeracho chinenedwe ngati chiganizo chonena chabe, chotsika, ndipo chifukwa pali mpumiro, chitsekeni. Mukatero bwererani mwa mdzukulu pamlingo womwewo wa mkwiyo umene munamusiyira. Njira yoyesera ndi iyi: werengani mawu a mdzukulu okha, kudumpha cholozera, katatu. Mukamva mmene zigawo ziwirizo zikulumikizirana, bwezeretsani cholozeracho pakati osasokoneza kulumikizanako. Mfuwuliro wa kumapeto musauchite pokuwa. Onjezani kulimba ndi liwiro, ndipo ngati mukwezadi mawu, tembenuzirani nkhope pambali pang'ono pa liwu limenelo kuti mafunde a pa kompyuta asagunde denga n'kuswa mawu.

Pa mzere wachinayi chiganizo cha agogo chadulidwa pakati. "Iwe" asatsekedwe, akhale wopachikika, ndipo "akulu akamayankhula" ayambire pamene "iwe" analekezera. Onaninso kuti mlembi wati "motsitsa mawu". Langizo limeneli ndi la agogo, ndipo likugwira kuyambira pa "iwe", ngakhale diso limalipeza pambuyo pake. N'chifukwa chake pokonzekera muyenera kuzunguliza mawu onga mokalipa, monong'ona, akuseka, ndi kujambula kamuvi kobwerera kumene zoyankhulazo zayambira. Wofotokoza nkhani iye sanong'ona ponena kuti "motsitsa mawu". Angafewe pang'ono kuti asaswe bata la pamalopo, koma akhale pakhomo. Potsitsa mawu a agogo, chepetsani mphamvu koma mawu amvekebe. Kunong'ona kwenikweni kumaumitsa khosi ndipo kumatayika m'phokoso la pamsewu.

Mizere iwiri yotsiriza ilibe cholozera. Wowerenga ndi maso amaona mzere watsopano n'kudziwa kuti woyankhula wasintha, koma womvera alibe mzere. Woyamba ndi wa mdzukulu, ndipo liwu loti agogo likuthandiza. Wachiwiri ndi wa mayi wogulitsa, ndipo mukapanda kuchonga pasadakhale mudzauwerenga m'mawu a agogo. Lembani chilembo cha woyankhula m'mphepete mwa mzere uliwonse, kapena gwiritsani ntchito utoto wosiyana pa munthu aliyense. Mpata wa pakati pa oyankhula awiri ukhale wotalikirapo pang'ono kuposa wa pakati pa ziganizo za munthu mmodzi, pafupifupi theka la sekondi kapena kupitirira pang'ono. Akamakangana mpatawo ufupike, ndipo pamenepo kusiyana kwa mawu ndiko kumanyamula ntchito yonse. Ena amathandizika potembenuza maso okha, kumanzere kwa agogo ndi kumanja kwa mdzukulu. Maso okha, osati mutu, chifukwa mutu ukatembenuka mawu amachoka pa maikolofoni.

Musasinthe mawu a mlembi pofuna kudzipepukitsira. Ngati analemba adati, musanene anati chifukwa ndi mmene mumayankhulira kwanu, ndipo musachotse "anatero" poganiza kuti mawu anu aonetsa kale woyankhula. Mukaona kuti cholozera chikubwerezedwa kwambiri, kambiranani ndi mwini buku musanajambule.

Kukonza zolakwa popanda chigamba kuoneka

Mukalakwitsa, konzani pomwepo. Mu Audacity dinani pa mpata wa chete umene uli chiganizo cholakwikacho chisanayambe, kenako `Shift+D`, yomwe ndi `Punch and Roll Record`. Pulogalamuyo imakuseweretsani masekondi asanu a m'mbuyo, kenako imayamba kujambula pamene munadina. M'masekondi asanuwo musangomvetsera. Yankhulani limodzi ndi mawu anuwo mokweza, kuti pofika podulira mukhale muli kale pa liwiro ndi mpweya womwewo. Munthu akayamba ali chete, liwu loyamba limatuluka lamphamvu ndi lokwera ngati akuyamba ndime yatsopano, ndipo chigamba chimamveka.

Podulira pakhale pa mpumiro, osati pakati pa zoyankhula ndi cholozera chake. Ngati mwalakwitsa pa "anafunsa mdzukulu", bwererani ku "Dola imodzi?" muyambire pamenepo, chifukwa kutsika kochoka mwa mdzukulu kufika pakhomo kumachitika mu mpweya umodzi, ndipo simungakupange pophatikiza zidutswa ziwiri.

Zolakwa zina zimapezeka patapita masiku, womvetsera wachiwiri akadutsa m'buku lonse. Pozikonza, bwererani pa nthawi yomweyo ya tsiku, kokani kachingwe, mverani masekondi 30 ozungulira malowo, ndipo jambulani chiganizo cholakwikacho pamodzi ndi cham'mbuyo ndi cham'tsogolo mwake, katatu. Sankhani chimene chikufanana ndi zoyandikana nazo, ngakhale chisakhale chokoma kwambiri pa zitatuzo. Mipata muidzaze ndi chete wa m'chipinda chanu, amene muyenera kujambula masekondi 30 tsiku lililonse musanayambe. Chete wopangidwa ndi kompyuta alibe kaphokoso kalikonse, ndipo pa mahedifoni amamveka ngati foni yaduka.

Mitu yonse ikatha, ikonzeni ndi miyeso imodzimodzi. Kampani ya ACX, yomwe imalandira mabuku opita ku Audible, malo ogulitsira mabuku omvetsera pa intaneti, imafuna kuti RMS ikhale pakati pa -23 dB ndi -18 dB, nsonga za mafunde zisapitirire -3 dB, ndipo phokoso lakumbuyo likhale pansi pa -60 dB. Ngakhale buku lanu lidzangoyenda pa WhatsApp kapena kuulutsidwa pa wailesi, miyeso imeneyi ndi yothandiza. Gwiritsani ntchito `Loudness Normalization` pa mutu wathunthu, RMS muiike pa -20 dB, nambala yomweyo pa mutu uliwonse. Musaichite pa chiganizo chimodzichimodzi, chifukwa kutero kumakweza agogo otsitsa mawu aja kufika pa mlingo wa mdzukulu wokwiya.

Kenako dulani masekondi 20 a wofotokoza nkhani kuchokera pa mutu woyamba, wapakati ndi wotsiriza, muwalumikize motsatizana, ndipo chitani chimodzimodzi ndi munthu aliyense wamkulu wa m'nkhani. Mupatseni munthu amene sanawerenge bukulo amvetsere pa foni, osamuuza pamene pali zolumikizira, ndipo akweze dzanja akamva kusintha. Akakweza pa mutu umodzi wokha, yang'anani tsiku limene munaujambula. Ngati kusiyana kuli pa mphamvu yokha, kukonza pa kompyuta kwakwana. Ngati kuli pa liwiro kapena pa kukwera kwa mawu, mutu umenewo ujambulidwenso, kuyambira pa ndime ya muyeso.